Magetsi Oopa Pikiapu ya a Duncan

Foni inalira Fainala ali pamwamba pa makwerero, m'golosale ina pa Kasungu Boma. Waya kukamwa, pulayala m'manja. Anatsika. Oimba anali apongozi ake aakazi, a Consolata.

"Mwanawe, magetsi ako aja ayamba misala."

"Atani, amama?"

"Akuphethira. Galimoto ikadutsa, azima. Kukang'anima, azima. Dzulo amayi osoka fodya anathawa ntchito isanafike ndi pakati pomwe. Mlamu wako Feggie wadzibaya ndi zingano."

"Nanga fodya?"

"Ali pansi. Wagona kale usiku umodzi. Akagona wina, tikamutaya kudzala."

Fainala anakulunga zida. Sanali munthu wokhalitsa malo amodzi. Anabadwira pa Boma, anaphunzira zamagetsi, ndipo anali atayenda ndi chikwama chake cha zida m'maboma asanu. Ukwati ndi umene unamupatsa mudzi, kupitirira Chamama, kwawo kwa mwamuna wake Kizito. Kumeneko ankapita mwa apo ndi apo, ngati mvula ya mu Okutobala.

Magetsiwo anaika yekha pa Khirisimasi, ngati mphatso kwa apongozi. Nyali zinayi pabwalo losokera fodya, pakati pa chigafa ndi shedi ya njerwa. Pakhoma la shediyo anaika kabokosi kokhala ndi kagalasi. Kukada, kamayatsa. Kukacha, kamazimitsa. Iye ankati sensa. Mudzi wonse unkati Diso.

Anatsika pa kabaza dzuwa litapendeka. Fumbi kunalibe, unali mwezi wa Febuluwale. Fodya anali wobiriwira mbali zonse za msewu, mpaka kumene maso amalekezera. Kumpoto mitambo inali itayamba kuunjikana.

Feggie, mlamu wake, anamuchingamira chala chili chomanga ndi kansalu.

"Mwabwera, a injiniya? Onani ntchito ya manja anu."

"Chala chimodzi basi? Zatsala zisanu ndi zinayi, mlamu. Usoka."

"Ndisoka pakamwa panupo."

Anapita kukaona fodya. Milu itatu pansi pa chigafa. Fainala analowetsa dzanja pakati pa mulu umodzi. Munali mofunda ngati m'khwapa mwa nkhuku. Fodya wothyola amafuna kusokedwa pachingwe ndi kupachikidwa, mphepo izimupita. Akakhalitsa pamulu amatentha yekha, n'kuda, n'kuwola. Masana aliyense amakhala m'munda mwake, kuthyola wake. Amayi oyandikana nawo amabwera kudzathandiza chakumadzulo. Ndiye chifukwa chake panafunika magetsi.

"Amayi aja anenetsa," anatero Feggie. "Lero akaphethira kamodzi kokha, anyamuka. Ati maso awo si ogula."

Fainala anaimika makwerero kutsogolo kwa shedi. Khomalo linayang'ana msewu. Msewuwo umabwera molunjika kuchokera ku Chamama, n'kudzakhota pakhomo penipeni. Galimoto iliyonse imayamba yalasa khomalo ndi nyali zake isanakhote. Izi anaziona pa Khirisimasi pomwe. Anafuna kuika Diso kuseri. Koma apongozi ake aamuna, a Cornelius Nkhoma, anakana. Chinthu chokongola, anatero, sachibisa kuseri ngati bafa. Fainala anagonja, n'kudalira kabatani.

Pansi pa kabokosiko pali timabatani tiwiri topotokola. Kena kamanena mdima umene magetsi ayenera kuyakira. Kenako n'kodikiritsa: kuwala kukafika, Diso lisafulumire, liyambe laona ngati kukhalitse. Anakasiya pa mphindi imodzi. Nyali za galimoto yodutsa sizikwana mphindi. Ching'aning'ani sichikwana ndi sekondi yomwe.

Anasuzumira. Kodikiritsa kaja kanali katabwerera kumapeto, pa ziro. M'mbali mwake munali zokandika za nsonga ya mpeni.

Anayang'ana pansi. M'dothi, pansi penipeni pa Diso, munali timaenje tinayi. Miyendo ya mpando.

"Mlamu," anaitana motsitsa mawu. "Amakwera pano ndani?"

Feggie anayang'ana kunyumba, kenako anaseka mogwira pakamwa.

"Sindinanene ine."

"Sunanene. Nena."

"Adada. Mlendo akabwera, amamutengera pano. Amakwera pampando, avula chipewa, avindikira Diso. Magetsi waa, masanasana. Achotsa chipewa, azima. Abusa anaona. Alangizi a fodya anaona kawiri."

"Nanga kabatanika?"

"Poyamba ankati akavindikira, palibe chochitika. Mlendo n'kumayang'ana kumwamba, iwo dzanja lili lende. Anachita manyazi pamaso pa anzawo aja, a Duncan. Ndiye anakatokosa ndi mpeni mpaka kanayamba kumvera."

Fainala anatsika pang'onopang'ono. Vuto analipeza. Kubweza kabatani n'kwa sekondi imodzi. Koma mawa kubwera mlendo wina, mpeni uli m'thumba. Ndipo panali chinanso. Masiku ano a kabaza ankaima pokhota paja kudikira anthu, nyali zili chiyakire. Amenewo mphindi imodzi amaipitirira. Diso linayenera kuchoka pakhomalo. Khomalo linali la a Cornelius.

Mkamwana, mkazi wa mwana wawo, sauza apongozi kuti mwalakwa. Mawu otere alibe khomo lotulukira.

A Cornelius anali pakhonde. Munthu wamtali, wa ndevu zoyera, chipewa chakhaki pabondo. Fainala anamanga bwino chitenje pamwamba pa ovolosi, n'kugwada chapatali, pafupi ndi a Consolata. Analonjerana. Za ulendo, za Kizito, za mvula.

"Mwachiona chinthu chanu?" anafunsa a Cornelius, maso ali kumsewu.

"Ndachiona, adada."

"Zinthu za masiku ano. Miyezi iwiri, chatopa."

"Chikuoneka kuti kabatani kena kanasuntha."

"Mphepo," anatero a Cornelius msangamsanga. "Kuno kumawomba mphepo."

"Inde, adada. Mphepo yake ndi yamphamvu."

A Consolata anatsokomola, n'kuyang'ana m'lichero.

Fainala anayesa njira yachidule. Kwa lero lokha, anatero, angathe kulambalala Diso, n'kuika switchi wamba. Kuyatsa ndi dzanja, kuzimitsa ndi dzanja.

"Switchi ali nayo aliyense," anatero a Cornelius. "Ndipo ndani azidzuka m'mawa kukazimitsa? Ine ndinasiya."

"Kapena tikanalisunthira kuseri, kumene kulibe msewu."

"Kuseri aliona ndani?"

Nkhani inathera pomwepo. Fainala anayang'ana dzuwa. Linali litatsala mikono iwiri.

Kenako kunamveka hutala. Pikiapu yoyera, yotha utoto, inaima pokhota paja. A Duncan Gondwe anatulutsa mutu. Anali mnzawo wa a Cornelius kuyambira ku sukulu ya mishoni. Minda yawo inagundana malire, ndipo kwa zaka makumi anayi ankapikisana pa chilichonse: fodya, ng'ombe, kutalika kwa pemphero.

"A Nkhoma! Ana anu aja agona bwanji?"

"Ana ati?"

"Magetsi. Dzulo ndangowayang'ana ndi nyali, onse anatsinzina. Aulemu ngati mwini wake."

"Pitani, a Gondwe. Galimoto yanu ikudontha."

"Ndikupita ku Chamama. Ndibwera chakumadzulo, ndidzawagoneke."

Pikiapu inachoka ikutsokomola. A Cornelius anavala chipewa, anachivula, anachivalanso.

Fainala anatembenukira kwa a Consolata. Analankhula ngati akunena za mtengo wa mchere, koma mokweza pang'ono.

"Amama, ku Boma ndinaikako magetsi ena. Amenewo galimoto ikhoza kuwalira hutala, kuwathira nyali zonse, saphethira. Ngakhale mphenzi."

"Ee? Alipo otero?"

"Alipo. Koma kuno sindinawaone. Ngakhale kwa a Gondwe kulibe."

"Ndi odula, eti?"

"Ayi. Diso lake ndi lomweli. Kungoti amaliika poti mdani asalione."

Nkhuku inadutsa.

"Poti mdani asalione," anabwereza a Cornelius, ngati mawuwo awatola okha panjira. "Ndimaganiza zomwezo ine. Mlonda saima pamsewu. Mayi a Kizito, auzeni alisunthe."

Ananyamuka n'kunena kuti akukaona ng'ombe. Ng'ombe zinali kudambo, ndipo sizinkafuna kuonedwa. Koma mkamwana sangakwere makwerero apongozi ali pansi.

Fainala anathamanga. Anayamba wazimitsa switchi yaikulu m'shedi, n'kuyesa ndi tesita kuti waya wafadi. Anamasula kabokosi. Mawaya atatu: wobweretsa moto, wobwerera, wopita ku nyali. Feggie anagwira makwerero ndi zala zake zisanu ndi zinayi zija.

"Bwanji osaliika apa, pafupi ndi nyali? Waya ndi waufupi."

"Likaona nyali zake zomwe, liziyesa kwacha. Lizimitsa. Kukada, liyatsanso. Usiku wonse kumangokangana lokha."

"Ngati adada ndi a Duncan."

"Gwira makwerero, iwe."

Anasankha khoma lakummwera, pamwamba penipeni, pamene denga limathera. Msewu unali kuseri kwa shedi yonse. Nyali zinali m'munsi, zitaweramira pabwalo, kumbali. Kutsogolo kwa Diso kunali thambo lokha ndi munda. Sanalilowetse pansi pa malata. Mumthunzi likanamayesa kwada dzuwa likadalipo. Anakoka waya watsopano, anaukhomerera, anamanga. Kodikiritsa anakabweza pa mphindi imodzi. Anayatsa switchi yaikulu.

A Cornelius anabwera kuchokera ku ng'ombe atanyamula nsungwi yaitali. Anayang'ana pamwamba. Mpando sukanafika. Anakoleka chipewa kunsonga ya nsungwi, n'kuchikweza mpaka chinavindikira Diso.

Palibe chinachitika.

Anadikira. Mikono inatopa. Anatsitsa nsungwi.

"Chafa."

"Sichinafe, adada."

"Kale chimamva. Mwachigonthetsa. Chibwezereni pamene chinali."

Fainala anayang'ana pabwalo. Amayi anayi anali atafika kale, atakhala pamphasa, zingano m'manja, akuonerera. Dzuwa linali litakhudza mitengo. Kubweza Diso kutsogolo kunali kutaya fodya.

Anagwada. "Adada, ndipempheko kamodzi. Muvindikirenso. Feggie asoke chingwe chimodzi. Akamaliza magetsi asanayake, ndibweza."

"Ndi chala ichi?" anatero Feggie.

"Soka mwaulemu, mlamu. Usathamange."

Chipewa chinakweranso. Feggie anatola masamba, n'kuyamba kubaya m'mitsitsi yake, limodzi limodzi. Fainala ankawerenga masekondi mumtima. Makumi awiri. Feggie, mwana wa mlimi, manja ake sankadziwa kuchedwa. Makumi anayi. Chingwe chinali pafupi kudzaza. Fainala anamuyang'ana. Feggie anagwetsa tsamba, analitola, analipukuta fumbi mbali zonse ziwiri, analiyang'anitsitsa ngati kalata.

M'kabokosi munamveka kuti tha. Nyali zinayi zinayaka.

"Mwaona," anatero a Cornelius, akutembenukira kwa amayi aja. "Chimayamba chaganiza. Si chopupuluma ngati zinthu za anthu ena."

Anatsitsa chipewa. Magetsi anakhalabe oyaka. Anatsegula pakamwa, koma Fainala anawatsogolera.

"Pozimanso chimaganiza, adada. Mphindi yomweyo."

Patapita mphindi, anazima. A Cornelius anagwedeza mutu ngati ndiwo analamula.

Panatsala kabatani kena, ka mdima. Kameneko sakonza masana. Umadikira chisisira chenicheni. Fainala anaima pansi pa makwerero, maso kuthambo. Kumpoto kunkang'anima, koma kutali, kopanda kugunda. Kukanagunda sakanakwera.

"Amama," anaitana, "mukayamba kuvutika kuona bowo la zingano, mundiuze."

A Consolata anakweza zingano m'mwamba, diso limodzi chotsinzina. A Cornelius anakumbukira kuti sanaone mbuzi.

"Pano ndikuonabe. Ndikuonabe. Ee, basi, latayika," anatero a Consolata.

Fainala anakwera. Anabweza kaye kodikiritsa pa ziro kuti Diso liyankhe msanga. Kenako anapotokola ka mdima pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna wailesi yakutali. Tha. Magetsi anayaka. Anasiyira pomwepo. Kodikiritsa anakabwezera pa mphindi imodzi, anatseka chivindikiro, anamanga ndi sikuluwu ziwiri. Anatsika, n'kugoneka makwerero pansi.

Ntchito inayamba. Amayi asanu ndi awiri tsopano. Zingano kulowa, kutuluka. Fainala naye anakhala pamphasa. Kusoka sankadziwa, ndiye ankangopatsira masamba. Zingwe zodzaza ankanyamula a Cornelius, kukapachika m'chigafa.

Njinga yamoto inabwera, inalasa khoma lakutsogolo, inakhota. Amayi onse anaimitsa manja mwachizolowezi. Magetsi sanagwedezeke. Lole ya nkhuni inadutsa. Chimodzimodzi. Mayi wina, Patuma, anati mwina ndi mwayi chabe, tidikire mphenzi.

Mphenzi sinachedwe. Thambo lonse linayera, fodya wa m'munda n'kuoneka tsamba lililonse. Kenako kawiri motsatizana. Nyali zinayi zinangoti duu, ngati sizinamve kanthu.

"Aa, koma," anatero Patuma, n'kutola tsamba lina.

Mulu woyamba unatha. Wachiwiri unafika pakati. Ndiye kunamveka kutsokomola kwa pikiapu.

A Duncan sanakhote. Anaima molunjika shedi, n'kuyatsa nyali zazikulu. Khoma linayera mbee. Anazimitsa, anayatsa. Anazimitsa, anayatsa. Analiza hutala. A Cornelius anayenda mpaka pamsewu, manja kumbuyo, n'kuima pambali pa galimoto ngati wapolisi.

"Mwayatsa, a Gondwe? Sindikuona bwino."

"Mwachita chiyani?"

"Ine? Ndangowalangiza."

A Duncan anatsika. Anayang'ana pakhoma pamene panali Diso. Panali timabowo tiwiri. Anazungulira shedi, akuunika ndi tochi yaikulu ya mabatire, yosakira akuba. Anafufuza m'munsi, m'mbali, kenako pamwamba.

"Ndachipeza. Mwachibisa kuno."

Analunjika tochi pa Diso, n'kuigwira ndi manja awiri.

Fainala anaika masamba pansi. Tochi imeneyo inali yowala zedi, ndipo inali pafupi. Diso silidziwa kusiyanitsa tochi ndi dzuwa. Limangodziwa kuwerenga. Ikakhala pamenepo mphindi yathunthu, magetsi azima, amayi anyamuka monga ananenera. Mulu ndi theka zikadali pansi.

Khumi. Khumi ndi zisanu.

"Unikani mpaka mawa," anatero a Cornelius, chifuwa patsogolo. "Awa saopa."

"Amama," ananong'ona Fainala. "Akapitirira mphindi, azima."

A Consolata sanafunse kawiri. Anadzuka, anatola zingwe zinayi zodzaza, zolemera, n'kuyenda ngati sakufulumira. Makumi atatu ndi zisanu. Makumi anayi.

"A Gondwe, mwafika bwino. Tagwirani apa."

Anawakoleka zingwezo pamikono yonse iwiri. Munthu wamkulu sakana katundu wa mayi wa pakhomo. Tochi inagwera kumbali, n'kuunika nkhuku zogona mumtengo.

"Ndipo poti mwabwera ndi tochi, m'chigafa mkatimo muli mdima. Mukawaunikire anzanuwa popachika."

"Ine ndimangodutsa, mayi."

"Mwadutsa kale. Pano mwafika."

Amayi anaseka mpaka Patuma anagwetsa zingano. Magetsi anali chiyakire. Fainala anatolanso masamba.

A Duncan anapachika fodya wa mnzawo mpaka mulu wachitatu unatha, akudandaula kuti masamba ake ndi aang'ono poyerekeza ndi awo. A Cornelius ankayankha kuchokera pamwamba pa mitanda. Madontho oyamba anagwa chingwe chomaliza chikulowa m'chigafa. Amayi anafunda zitenje kumutu n'kubalalika, akulonjeza kubweranso Lachinayi. Fainala analowetsa dzanja pakati pa masamba opachikidwa. Munali mozizira. Mphepo inkapita.

M'mawa anadzuka magetsi atazima okha. Anamanga chikwama. Ntchito ya m'golosale inkamudikira, ndipo mapazi anali atayamba kale kuyabwa. Anapita kukatsanzika.

A Cornelius anali pakhonde, akusenda nzimbe ndi mpeni uja.

"Mwagwira ntchito, mwana wanga. Yewo."

"Yewo, adada."

"Kabatani kaja. Kamafika mphindi zingati?"

"Kakhoza kufika zitatu. Koma imodzi ikukwana."

"A Gondwe ati abweranso ndi tochi. Ati dzulo anasokonezedwa."

Fainala anaganiza. Atafikitsa zitatu, palibe chimene chingawonongeke. Magetsi azingochedwa pang'ono kuyaka madzulo, n'kuchedwa pang'ono kuzima m'mawa. Ndipo mikono ya a Duncan si ya mnyamata.

"Ndikhoza kuwonjezera, adada. Koma likatero, chipewa sichidzagwiranso ntchito. Nsungwi mphindi zitatu ndi yolemera."

A Cornelius anayang'ana chipewa chawo. Anayang'ana kumunda kwa a Duncan.

"Chipewa n'chovala," anatero. Anapinda mpeni, n'kuupereka kwa a Consolata. Kenako ananyamuka kukaona ng'ombe.

Fainala anaimika makwerero.